Pepani wa Pafoni: Mawu Ochepa kwa Mnzanu Amene Kholo Lamusiya

Kumudzi, munthu wofika pa siwa salankhula zambiri. Amaona nthambi zamasamba zitayalidwa pamsewu, amatsika panjinga, mwamuna amavula chipewa. Amayi amalowa m'nyumba momwe muli thupi, abambo amakhala panja pafupi ndi moto. Akafika kwa ofedwa amagwirana nawo chanza n'kunena kuti "pepani, mwakumana nazo," kenako amakhala pansi. Kukhala pansiko ndiye chitonthozo chenichenicho.

Vuto limabwera pamene mnzake wa namfedwa ali kutali: wina ku Mzuzu pomwe maliro ali ku Nsanje, wina ku Joni, wina ku Mangalande. Kwa Asilamu nthawi ndiyochepa kwambiri, pakuti mwambo wawo ndi woika maliro msanga, nthawi zambiri tsiku lomwelo kapena lotsatira. M'zaka za 2020 ndi 2021, boma litachepetsa chiwerengero cha anthu opezeka pa maliro chifukwa cha mliri wa korona, ngakhale anthu okhala boma limodzi anayamba kupepesa pafoni. Chizolowezicho sichinathe. Tsono uthenga wa mizere itatu kapena inayi ukusenza ntchito imene kale inkagwiridwa ndi miyendo, chanza ndi mphasa.

Tiyerekeze kuti mayi wina wogwira ntchito ku Joni wamva m'mamawa kuti mnzake amene anaphunzira naye kusekondale wataya amayi ake ku Dedza. Chala chimathamangira kulemba, koma pali chinthu choyamba kutsimikiza: kodi mnzakeyo wauzidwa kale? Pachikhalidwe, uthenga wa maliro uli ndi njira yake. Achibale amauza amfumu, ndipo mwana amene ali kutali nthawi zina amangouzidwa kuti "bwerani, amayi matenda akula," kuti ayende bwino panjira. Masiku ano nkhani imafala pa WhatsApp thupi lisanachoke n'komwe m'chipatala. Munthu amene wamva imfa ya amayi ake kudzera mu "pepani" wa mnzake, ali m'minibasi pakati pa anthu osawadziwa, saiwala tsikulo. Choncho mayi wa ku Joni uja amayamba wafunsa mlongo wake wa mnzakeyo kapena wachibale wina, ndipo akamva kuti onse adziwa, ndi pamene amalemba.

Uthenga wake ungakhale wotere: "Pepani achemwali, ndamva kuti amayi atisiya. Sindidzaiwala mmene ankatilandirira ku Dedza. Ndatumiza kachipepeso kwa achimwene. Musavutike kuyankha."

Ziganizo zinayi zokha, koma chilichonse chili ndi ntchito. Choyambacho chimati "amayi," osati "amayi anu." Kusiyana kwake n'kwa liwu limodzi, koma Mchewa amakumva msanga. Wonena kuti "amayi anu amwalira" waima pakhomo ngati mlendo. Wonena kuti "amayi atisiya" walowa m'nyumba n'kudziwerengera pakati pa ana. Liwu lakuti "atisiya" nalonso ndi lofewa, monga momwe anthu amanenera kuti kunyumba kwagwa zovuta m'malo motchula imfa mwachindunji. Ndipo ngakhale awiriwa amaitanana kuti "iwe" masiku onse, ambiri amaona kuti pa tsiku lotere pakamwa pamadzisankhira "pepani" waulemu. Amene anakulira limodzi mpaka kudyera mbale imodzi angathe kunena "pepa mnzanga," palibe cholakwika.

Chiganizo chachiwiri ndi chimene chimasiyanitsa uthengawu ndi ena onse amene adzaze foni ya namfedwa tsikulo. Ambiri mwa iwo amakhala ofanana ngati ndalama zachitsulo: `RIP`, `MHSRIP`, kapena kachithunzi ka kandulo kotumizidwa kuchokera kugulu lina. Pamene wina wakumbuka chinthu chimodzi chenicheni cha malemuwo, monga mbatata ya kachewere imene ankawapatsira pobwerera kusukulu kapena mmene ankawakalipira akachedwa kumpira, mwana wofedwa amadziwa kuti si iye yekha amene ankawadziwa amayi ake. Ngati wolembayo sanakumanepo ndi malemuwo, asapeke nkhani. Akhoza kungonena kuti ankamva mmene mnzakeyo ankawatchulira kawirikawiri.

Chachitatu chikunena za chipepeso. Maliro amadya ndalama: bokosi, galimoto yonyamula thupi, ufa, ndiwo, nkhuni, chakudya cha adzukulu okumba manda. Mawu akuti "mukafuna chilichonse mundiuze" amamveka bwino, koma amasiyira namfedwa ntchito yopempha, ndipo ndi ochepa amene amapemphadi. Ndi bwino kunena chimene chachitika kale kapena chimene chichitike: ndalama yatumizidwa pa Mukuru, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ana akatengedwa kusukulu, wolembayo afika Loweruka. Anthu odziwa amatumiza ndalamayo kwa wachibale amene akuyendetsa za mwambo, kuti ilembedwe pamodzi ndi zipepeso zina, ndipo amawonjezerako pang'ono ya kutapira kuti isafike yoperewera. Kuchuluka kwake sikufunika kutchulidwa muuthenga wachitonthozowo.

Mawu omaliza aja, "musavutike kuyankha," amamasula munthu. Foni ya namfedwa imakhala ikulira usiku wonse, batire likutha, kumudzi kopanda magetsi, ndipo nthawi zambiri amaigwira ndi mdzukulu kapena msuweni. N'chifukwa chakenso uthenga usakhale ndi zachinsinsi, pakuti ungawerengedwe mokweza ndi munthu wina.

Zimene zimalakwika n'zodziwika. Mafunso ndiwo amatsogola: "Amadwala chiyani?" "Bwanji simunawatengere ku Kamuzu Central?" Funso lililonse limafuna yankho, ndipo lachiwirilo limaloza chala munthu amene akudziimba kale mlandu mumtima. Mawu akuti "anali atakula kale" ndi oona mwina, koma kwa mwana wawo, ngakhale ali ndi imvi, amayi ndi amayi basi. "Musalire" sagwirizana n'komwe ndi mwambo wathu, umene umapatsa anthu malo ndi nthawi yolira mokweza. Za Mulungu zimatonthoza kwambiri ngati onse awiri ali okhulupirira, ndipo "tikukupemphererani" ndi mawu olandirika m'mabanja ambiri. Koma vesi lalitali lotumizidwa kwa munthu wa chipembedzo china, kapena ulaliki wofotokoza chifukwa chimene Mulungu wachitira zimenezi, umakhala wotonthoza wolembayo kuposa wowerenga.

Palinso mbali ya foni yeniyeniyo. Kumudzi intaneti imavuta, ndipo wofedwa sakhala ndi maganizo ogula bandulo, motero uthenga wamba wa pafoni umafika msanga kuposa wa pa WhatsApp. Uthenga umodzi wotere umanyamula zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo chitsanzo chija chikukwanamo. Koma munthu akangoikamo kachithunzi ka nkhope yolira, kapena chilembo cha ŵ, malirewo amatsika kufika pa 70, uthengawo n'kugawika zidutswa zingapo ndi kudya mayunitsi ochuluka. Uthenga wa mawu ojambula nawo ndi wovuta pa siwa, pomwe akwaya akuimba ndipo munthu sangaike foni kukhutu kwa mphindi zitatu.

Mayi wa ku Joni uja amalembanso kachiwiri patatha milungu iwiri kapena itatu. Nthawi imeneyo alendo apita, mapoto obwereka abwezedwa, mnzakeyo wabwerera kuntchito, ndipo foni imene inkalira usiku wonse yangoti zii. Uthengawu umakhala wamfupi kuposa woyamba: "Ndimakuganizirani achemwali. Mwagona bwanji masiku ano? Ndiimba Lamulungu madzulo mukaweruka kutchalitchi." Apa funso ndi lololedwa, chifukwa tsopano mnzakeyo ali ndi nthawi yoyankha, ndipo nthawi zambiri ndi pamene amayamba kufotokoza yekha mmene amayi anadwalira.