Ndalama zochokera kunja zimapeza bwanji akaunti yoyenera

Khodi ya SWIFT ndi chizindikiro cha banki, cha zilembo ndi manambala 8 kapena 11, chomwe chimalondolera ndalama zochokera kunja. Zilembo zinayi zoyambirira zimatchula banki, ziwiri zotsatira zimatchula dziko, monga MW kuimira Malawi, ndipo zotsalazo zimasonyeza malo ndi nthambi.

Khodiyi imangofikitsa ndalama ku banki. Kuti zilowe mu akaunti yoyenera, wotumiza amafunikanso dzina lonse la wolandira, nambala ya akaunti ndi adiresi.

Dzinalo lilembedwe monga lilili ku banki. Wotumiza ali ku Joni akalemba dzina losewerera kumudzi, banki ingathe kuimitsa ndalamazo kapena kuzibweza, ndipo zikabwerera zimakhala zitachepa chifukwa mabanki amadulapo malipiro awo.