Matimati anu akudwala malungo

Pa Lizulu, pomwe msewu wa M1 umadutsa m'malire a Malawi ndi Mozambique, basi ikangoima mumamva phokoso ngati kwabuka ndewu. Amayi awiri oyandikana malo, onse ogulitsa matimati, akulozana zala. Mlendo amayamba kuganiza zoleretsa. Musavutike, akucheza amenewo, ndipo macheza ake amayenda chonchi:

"Achemwali, mulu umenewo K1,000? Kodi mwaikamo golide?"

"Anga ndi akupsa, mayi. Anuwo pitani nawo kuchipatala, akuoneka ngati akudwala malungo."

"Iii! Inu mulu wake matimati anayi okha? Lachisanu mwalikhalira?"

"Ndinapatsa kasitomala wanu wadzulo uja. Anabwera akulira kuti mwamugulitsa madzi okhaokha."

"Bodza! Inu makasitomala anu ndi ntchentche basi, nazonso zikupempha basela."

Apa anzawo a kabichi ndi mbatatesi amafa nalo phwete, ndipo wogula amene amangodutsa amaima kuti amve yankho. Waima ameneyo, wagwidwa. Sangaseke kwaulere mpaka kalekale, manyazi amamugwira, dzanja n'kulowa m'thumba.

Chinsinsi chake n'chakuti awiriwa sakulimbirana mtengo. Yang'anani bwino miyulu yawo: ndi yofanana, mtengo ndi umodzi, mwinanso anakapikula kwa mlimi mmodzi m'mamawa. Amene angatsitsedi mtengo mwakachetechete ndiye amakwiyitsa anzake, chifukwa wawonongera mzere wonse. Wonyozedwa kuti ndi wodula uja, mnzake akapita kukayamwitsa mwana kapena kukasintha ndalama, ndi yemweyo amamugulitsira katundu n'kumusungira ndalama pamfundo ya chitenje. Ine ndimaona kuti matimati "odwala malungo" aja amawatamanda kwambiri mwini wake akachokapo.

Komabe nthabwalazi zili ndi malire ake, monga zimakhalira pachilamu kapena pachisuweni. Chipongwe chimagwera katundu, mtengo ndi makasitomala. Sichifika kwa mwamuna wa munthu, kwa ana ake, kapena pa ngongole yeniyeni imene ali nayo kubanki m'khonde. Choopsa koposa ndi kunena kuti mnzako akukokera makasitomala ndi mankhwala. Mawu amenewo sasekedwa, amakathera kwa tcheyamani wa msika. Chinanso chosaloledwa ndi kuitana wogula amene wayamba kale kunenerera pa malo a mnzako.

Zikapsadi mudzadziwa msanga. Mawu oti "achemwali" amasowa, "inu" amasanduka "iwe", ndipo oyandikana nawo amaleka kuseka, aliyense n'kuyamba kukonza mulu wokonzakonza kale.

Mukadzawapeza akuseka, musalowerere ponyoza katundu wa mmodzi, chifukwa onse awiri adzakutembenukirani. Ingogulani, ndipo musaiwale kupempha basela.