Tsitsi likamathothoka, yambani mwayang'ana khungu la m'mutu

Munthu aliyense amataya tsitsi tsiku ndi tsiku, pakati pa 50 ndi 100, ndipo lina limamera m'malo mwake. Nkhawa imayamba pamene chipeso chikutuluka chodzaza, kapena m'mutu mwaoneka malo opanda tsitsi. Ambiri zikatero amathamangira kumsika kukagula mafuta omeretsa tsitsi. Ndalamazo nthawi zambiri zimangolowa m'madzi, chifukwa zoyambitsa vutoli n'zosiyana, ndipo khungu la pamalopo ndi limene limaulula.

Titenge mwana wa Sitandade 2 amene wangometedwa kumene. Pamwamba pa khutu pali kamalo kozungulira, kotuwa ngati pawazidwa phulusa, ndipo akungokanda. Mukayang'anitsitsa muona kuti tsitsi silinazuke ayi, laduka pafupi ndi khungu n'kusiya timadontho takuda. Mwina kuseri kwa khosi kwatuluka mwanabele. Chimenechi ndi chipere, matenda obwera ndi fangasi, ndipo chimakonda ana amene sanathe msinkhu. Chimafala kudzera m'makina ometera osatsukidwa, zipeso, zipewa ndi mapilo, nthawi zinanso kuchokera kwa mphaka kapena galu.

Apa ndi pamene makolo ambiri amataya miyezi. Mankhwala opaka amene amachiza chipere cha pamkono sachiza cha m'mutu, popeza fangasiyo amalowa mkati mwa tsitsi lenilenilo mpaka kumizu, komwe mankhwala opaka safika. Pamafunika akumwa. Odziwika kwambiri ndi girisiyofuluvini, amene mwana amamwa tsiku lililonse kwa milungu 6 mpaka 8, pamlingo umene achipatala awerengera malinga ndi sikelo yake. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akamwera chakudya chamafuta, monga phala lotendera kapena mkaka. Kuyabwa kumayamba kutha mankhwala asanathe, ndipo amene asiyira pomwepo amadzaona chipere chikubwerera. Abale ake ogona naye chipinda chimodzi nawonso aonedwe m'mutu. Za adyo, mafuta a galimoto ndi zina zowotcha khungu, ine ndinganene kuti zimangowonjezera bala pa chipere.

Nthawi zina pamalopo pamatupa, pamafewa, n'kumatuluka mafinya. Chimaoneka ngati chithupsa, koma si chofinya kapena kucheka. Ndi thupi limene likulimbana kwambiri ndi fangasi yemweyo, ndipo chikachedwa kuchizidwa chimasiya chipsera pomwe tsitsi silidzameranso.

Malo osalala bwinobwino, opanda mfundu, osayabwa kwenikweni, ndi nkhani ina. Kumeneko chitetezo cha m'thupi chaukira mizu ya tsitsi. Sizipatsirana, ndipo kwa ambiri amene ali ndi malo amodzi kapena awiri tsitsi limamera lokha chaka chisanathe. Likamatha pamphumi ndi m'mbali mwa makutu mwa mayi woluka zothina, chifukwa chake n'kukokako. Timatuza pamizu ndi mutu wopweteka usiku woyamba ndi chenjezo loti malukidwewo amasulidwe.

Pali kuthothoka kwinanso kopanda malo enieni: khungu lili bwino, koma tsitsi likupepuka mutu wonse. Apa funso ndi lakuti, kodi chinachitika n'chiyani miyezi itatu yapitayo? Thupi likakumana ndi chododometsa chachikulu, monga malungo amphamvu, opaleshoni, kubereka, maliro kapena nkhawa yosagonetsa tulo, tsitsi lambiri limasiya kukula nthawi imodzi. Siligwa pompo. Limakhala chikhalire miyezi iwiri kapena itatu, kenako n'kugwera pamodzi. N'chifukwa chake mayi amene anachira mu Janyuwale amadabwa mu Epulo, mwana ali kumsana, n'kuyamba kukayikira mafuta amene anasintha sabata yatha. Kuthothoka kotere kumaleka kokha, kawirikawiri m'miyezi 6. Kudzaza ndiye kumachedwa, popeza tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi.

Miyezi 6 ikadutsa likugwabe, ganizirani za ayironi, makamaka kwa amayi amene amataya magazi ambiri akamasamba kapena abereka mowirikiza. Zizindikiro zake ndi kutopa, phuma pokwera kachitunda, kuyera m'zikope ndi m'manja, zikhadabo zosachedwa kuthyoka, ngakhale chilakolako chodya dothi. Kuyezetsa magazi ndiye kumatsimikiza, ndipo achipatala angaonenso chithokomiro, chimene nachonso chimathothola tsitsi chikasokonekera. Mapilitsi a ayironi amamwedwa miyezi itatu kapena kuposerapo, ndipo amadetsa chimbudzi, zomwe si zoopsa. Chiwindi, nyama, usipa, nyemba ndi bonongwe zimathandiza, makamaka mukadyera limodzi ndi gwafa, lalanje kapena malambe. Tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi, choncho adikire ola limodzi kapena awiri mukatha kudya kapena kumwa pilitsi.