Chitini chatha, thupi lili phee: kodi kiliyetini amasankha anthu?

Paliponse pamene anyamata amanyamula zitsulo, kaya ndi mu jimu ya magalasi m'tauni kaya kuseri kwa nyumba komwe zonyamula zake ndi simenti yowumira m'zitini za penti, mkangano uwu susowa. Awiri amagula ufa woyera uja wotchedwa kiliyetini tsiku limodzi, n'kumamwa mofanana. Sabata isanathe, mmodzi wakwera kilo imodzi ndi theka pa sikelo, malaya ayamba kumuthina m'mikono. Mnzakeyo ali chimodzimodzi ngati wamwa madzi. "Aise, andigulitsa feki," amatero, kapena, "Ine magazi anga sagwirizana nazo izi."

Mwina feki alipodi, popeza ufa woyera wopimidwa m'kapepala kopanda dzina ungakhale chilichonse. Koma ngakhale kiliyetini weniweni sagwira anthu mofanana, ndipo chifukwa chake chimadziwika.

Kiliyetini si chinthu chachilendo m'thupi. Impso ndi chiwindi zimapanga pafupifupi galamu imodzi tsiku lililonse, ndipo munthu wodya nyama ndi nsomba amapezanso galamu ina m'chakudya. Mwamuna wolemera makilogalamu 70 amakhala ndi magalamu pafupifupi 120, pafupifupi onsewo ali m'minofu. Ntchito yake ndi yofulumira komanso yosakhalitsa. Mnofu ukamakoka mwamphamvu, mafuta ake enieni, omwe asayansi amawatchula kuti ATP, amatha m'kamphindi, ndipo kiliyetini wosungidwa uja ndiye amawabwezeretsa msangamsanga. Amathandiza kwambiri pa masekondi khumi oyamba a ntchito yolemetsa, monga kukankha chitsulo kapena kuthamanga liwiro la mtondo wadooka, ndiponso pa kupuma kwa pakati pa ulendo umodzi wonyamula ndi wotsatira.

Nkhani yonse yagona poti mnofu uli ngati ndowa pa mjigo. Uli ndi mlomo wake, ndipo ukadzadza, wadzadza. Mu 1992 Roger Harris, Karin Söderlund ndi Eric Hultman anamwetsa anthu magalamu 5 kangapo patsiku ku Sweden, n'kumadula kachidutswa ka mnofu wa pantchafu kuti aone zomwe zalowa. Anapeza kuti amene anali ndi wochepa poyamba ndiwo anakweza kwambiri, pomwe amene anali atadzadza kale sanasinthe kwenikweni. Munthu wamba ndowa yake imakhala yodzadza pafupifupi magawo atatu mwa anayi, choncho malo otsala ndi ochepa kale. Ena amabadwa kapena amadya m'njira yoti malowo ndi ochepetsetsa. Wotereyu akamwa ufawo, wambiri umangotuluka ndi mkodzo. Thupi lake silinakane kanthu. Zomwe mnzake akugula m'chitini iye anali nazo kale.

Kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi ndi wa Daniel Syrotuik ndi Gordon Bell wa ku Canada, wa mu 2004. Anatenga amuna 11 n'kuwamwetsa magalamu 0.3 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lawo kwa masiku asanu. Atatu minofu yawo inalandira wambiri, asanu inalandira pang'ono, ndipo atatu otsalawo sinasinthe kwenikweni. Atatu oyambawo anali ndi kiliyetini wochepa poyamba, komanso minofu yawo inali ndi timitsitsi tambiri ta mtundu wokoka mwachangu, tomwe timachuluka mwa othamanga mtunda waufupi. Anthu 11 ndi ochepa, ndipo sitingamangepo lamulo. Komabe zimagwirizana ndi zomwe ofufuza ena akhala akuona, kuti mwa anthu khumi alionse, awiri kapena atatu minofu yawo imalandira zochepa kwambiri. Taonaninso gulu la pakati lija, lomwe ndi lalikulu kuposa ena onse. Anthu ambiri sali kumbali ya "zagwira" kapena "zakana". Ali pakati, pomwe phindu lilipo koma silifuula.

Chakudya chili ndi mbali yake. Kilogalamu ya nyama yang'ombe yaiwisi imakhala ndi magalamu anayi kapena asanu a kiliyetini, nsomba nazonso zili nawo, koma nyemba, nandolo, soya ndi masamba mulibe. N'chifukwa chake osadya nyama amakhala ndi wochepa m'minofu, ndipo mu kafukufuku wa Darren Burke ndi anzake wa mu 2003, wa masabata asanu ndi atatu, iwowa anapindula kuposa odya nyama. Ndikaganiza za mbale zathu zambiri, momwe nyama imabwera mwa apo ndi apo ndipo nsima imatsikira nyemba ndi chisoso, ndimakayika ndikamva mnyamata wodya chotero akunena kuti ndowa yake ndi yodzadza. Wodya kanyenya madzulo alionse angatero. Kwa ena onsewa, ndimayamba ndafunsa mmene anamwera ndi mmene anayezera.

Kamwedwe kali pawiri. Njira yachangu ndi kumwa magalamu 20 patsiku, ogawa kanayi, kwa masiku asanu kapena sabata, kenako n'kutsikira pa magalamu 3 mpaka 5. Njira yofatsa ndi kungoyamba ndi magalamu 3 mpaka 5 tsiku lililonse. Mu 1996 Hultman uja ndi anzake anaonetsa kuti magalamu 3 patsiku kwa masiku 28 amakweza kiliyetini wa m'minofu mofanana ndi magalamu 20 kwa masiku asanu ndi limodzi. Onse amakafika pamodzimodzi, wina pa minibasi, wina wapansi. Vuto ndi lakuti woyenda wapansi uja akadziyerekeza ndi mnzake pa tsiku la khumi, amaganiza kuti walephera, chonsecho ndowa yake siinafike ndi pakhosi pomwe. Onjezerani pamenepo chizolowezi chomwa tsiku lopita ku jimu lokha, katatu pasabata, nthawi zina kuiwala, ndiye kuti mwezi umatha asanadzadze. Kiliyetini si khofi woti umve kuthamanga kwa magazi ukangomwa. Ola lomwera lilibe kanthu kwenikweni, chachikulu n'kusadumphitsa masiku. Kumwera pa chakudya kumathandizako, chifukwa shuga wochokera ku nsima kapena mpunga amadzutsa insulini, yomwe imathandiza minofu kukoka kiliyetini.

Nanga kilo ndi theka ya mnzathu uja? Ameneyo ndi madzi. Kiliyetini akalowa mu mnofu amakoka madzi, ndipo pa njira yachangu ambiri amakwera pakati pa theka la kilo ndi makilo awiri m'sabata yoyamba. Ndi chizindikiro chabwino choti ufawo walowa, koma kusowa kwake si umboni wokwanira woti sunalowe. Pa njira yofatsa madziwo amabwera pang'onopang'ono, n'kubisala m'kusinthasintha kwa tsiku ndi tsiku, poti munthu akhoza kusiyana kilo yathunthu pakati pa m'mawa ndi madzulo malinga ndi zomwe wadya. Sikelo ya pamsewu, yokwera utavala nsapato ndi jekete, lero iyi mawa ina, singaweruze mlandu umenewu.

Tiyerekeze mwamuna wa makilogalamu 70 amene wanyamula zitsulo kwa chaka ndi theka, ndipo wagula chitini cha magalamu 300 cha mtundu wa monohayidireti, womwe ndi umene wafufuzidwa kwambiri komanso kawirikawiri ndi wotsika mtengo. Pa magalamu 5 patsiku, chitinicho chimukwanira masiku 60. Asanachitsegule, atenge masabata awiri akulemba m'kope. Asankhe chonyamula chimodzi, tinene kukankha makilogalamu 60 atagona pa benchi, maulendo asanu, kupuma mphindi ziwiri zenizeni za pa wotchi pakati pake. Tinene kuti akukankha ka 10, ka 9, ka 7, ka 6, ka 5, zonse pamodzi 37, ndipo sabata yachiwiri apeza 38. Adziyezenso kulemera m'mawa katatu pasabata, atachoka kuchimbudzi, asanadye, pa sikelo imodzimodzi.

Akayamba kumwa, asasinthe china chilichonse. Apa ndi pomwe ambiri amasokoneza, chifukwa tsiku logula kiliyetini ndi lomwenso amayamba mazira asanu m'mawa ndi ndondomeko yatsopano ya masewera, ndiye zikayenda kapena zikakanika sadziwa woyamika kapena wodzudzula. Masabata anayi oyamba ndi odzadzitsa ndowa, osaweruza kanthu. Kuyambira sabata yachisanu mpaka chitini chitatha, abwereze muyeso uja kamodzi pasabata, tsiku ndi nthawi yofanana. Asayang'ane kwambiri ulendo woyamba. Phindu limakonda kuonekera kumapeto, pomwe kale ankagwa: 10, 9, 7, 6, 5 ija ikasanduka 11, 10, 9, 8, 7, ndipo zikubwerezeka masabata atatu otsatizana, ndiye kuti china chake chachitika. Ikangofika 39 n'kubwerera pa 37, umenewo ndi mphepo chabe, poti tulo toperewera usiku umodzi tokha tingachotse kukankha kuwiri.

Muyesowu umagwira bwino kwa munthu amene mphamvu zake zinayamba kale kuima. Woyamba kumene amakwera sabata iliyonse ngakhale atamwa thobwa lokha, ndipo kwa iye n'kosatheka kupatula gawo la kiliyetini. Wothamanga mtunda wautali nayenso asadabwe akapanda kuona kusintha pa nthawi yake, chifukwa liwiro lotero silidalira nkhokwe ya masekondi khumi ija.

Ndiye tidikire nthawi yaitali bwanji? Pa njira yofatsa, masabata asanu ndi atatu ndiye poyambira kuweruza: anayi odzadzitsa, anayi oonera. Pa njira yachangu, masabata asanu kapena asanu ndi limodzi akwanira kuona za mphamvu. Amene akufuna kuona kukula kwa minofu yeniyeni afunika masabata khumi ndi awiri, ndipo asayembekezere zodabwitsa, chifukwa kafukufuku wambiri akaphatikizidwa, kusiyana kwa omwa ndi osamwa kumakhala pafupifupi kilo imodzi, ndipo mbali ina ya kiloyo ndi madzi aja. Galasi siliona kilo imodzi yomwazika thupi lonse.

Ngati kope likadali losamveka, pali muyeso wina wosalira ndalama, womwe ndi kusiya. Minofu imabwerera mwakale pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, choncho kusiya kwa masiku atatu sikuonetsa kanthu. Apitirize masewera omwewo, azilembabe. Sikelo ikatsika pang'ono ndipo maulendo omaliza aja akayambanso kufooka, ndiye kuti ufawo unkagwira mwakachetechete. Zonse zikakhala chimodzimodzi, ndalama ya chitini chachiwiri ikagule mazira ndi usipa. Kuwirikiza mlingo sikukulitsa ndowa, kumangotsegula m'mimba.

Amene ali ndi vuto la impso, kapena shuga ndi kuthamanga kwa magazi zomwe zimawononga impso mwakabisira, ayambe waonana ndi dokotala asanayese n'komwe. Ndipo aliyense amene akumwa, akapita kukayezetsa magazi anene poyera. Kiliyetini akatha ntchito amasanduka kiliyatinini, chinthu chomwe achipatala amayeza poona ngati impso zikusefa bwino, ndipo nambalayo ikhoza kukwera pang'ono impso zili bwinobwino. Dokotala wosauzidwa angayambe kufufuza matenda omwe palibe.