Mankhwala a Pansi ndi Mankhwala a Pakhungu

Mliri wa kolera umene unabuka ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022 unafika mu Lilongwe mwamphamvu, kotero kuti mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu mumzindawu. Masiku amenewo fungo la klorini linali ponseponse: kuchipatala cha Bwaila, kumsika waukulu wa m'tauni yakale, m'maofesi a ku Kapitolo, ngakhalenso m'nyumba za mipanda za ku Eriya 10 ndi Eriya 43. Komatu fungo lokha silipha tizilombo. Chopha tizilombo ndi mankhwala oyenera, osungunulidwa pamuyeso woyenera, ndi opatsidwa nthawi yokwanira.

Mankhwala opha tizilombo ali m'magulu awiri. Gulu loyamba, limene achipatala amalitcha disinifekitanti, ndi la zinthu zopanda moyo monga pansi, chimbudzi, ndowa ndi nsalu. Zitsanzo zake ndi jiki ndi klorini waufa wotchedwa HTH. Gulu lachiwiri, antiseputiki, ndi la thupi la munthu. M'gulu limeneli muli sipiriti amene namwino amapaka pakhungu, ayodini wa pabala, ndi mankhwala opaka pamchombo wa khanda otchedwa klohekisidini.

Kusiyana kwake kwagona pa ukali. Simenti siimva kupweteka, motero ingathe kulandira mankhwala aukali. Mnofu wamoyo sungatero. Munthu wothira jiki pabala amawotcha mnofu umene ukanatseka balalo, ndipo limachedwa kupola. Nayenso wokolopa masanzi ndi madzi odonthezedwa mankhwala a pabala amangonunkhiritsa nyumba, tizilombo tili phee.

Muyeso ndiwo mphamvu ya mankhwala m'madzi, ndipo amauwerenga m'mapelesenti. Pa kolera, klorini wa 2 pelesenti ndi wa masanzi ndi chimbudzi cha wodwala, wa 0.2 ndi wa pansi, bedi ndi zofunda, pamene wa 0.05 yekha ndiye wofatsa mokwanira kusambira m'manja.

Tiyerekeze kuti m'nyumba ina ku Eriya 47 mlonda wasanza pakhonde ndipo amutengera kuchipatala. Wotsala pakhomo ali ndi botolo la jiki lolembedwa 3.5 pelesenti. Kuti apeze muyeso, agawe mphamvu ya m'botolo ndi mphamvu imene akufuna, kenaka achotsepo 1. Chotsalacho ndicho makapu a madzi pa kapu imodzi ya jiki. Akagawa 3.5 ndi 0.2 apeza 17.5, ndipo akachotsa 1 patsala 16.5. Choncho kapu imodzi ya jiki ifuna makapu 16 a madzi. Wa 2 pelesenti amapangidwa ndi makapu 4 a jiki m'makapu 3 a madzi.

Atavala magolovesi, athire mankhwala aukaliwo pamasanzi ndi kudikira mphindi 10. Kenaka awole masanziwo, awataye m'chimbudzi, ndi kutsuka malowo ndi sopo. Kutsukaku sikuyenera kudumphidwa, pakuti litsiro limadya mphamvu ya klorini asanafike pa tizilombo. Pomaliza athire wa 0.2 uja, khonde likhale lonyowa mphindi zina 10.

Mphindi zimenezi ndizo nthawi imene mankhwala ayenera kukhudzana ndi tizilombo, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Wantchito wa muofesi amapopera patebulo n'kupukuta nthawi yomweyo. Tebulo limawala, koma ntchito sinagwirike. Chizindikiro chake n'chapafupi: malo akauma nthawi isanakwane, afunika kuthiridwanso. M'mwezi wa Okutobala, khonde la simenti likatentha, izi zimachitika msanga. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.

Lamulo lomweli likhudza mankhwala a pakhungu. Sanitaiza afunika kutikitidwa m'manja masekondi 20 mpaka 30 kufikira atauma yekha, ndipo namwino wodziwa ntchito amadikira sipiriti aume asanabaye. Madzi akumwa othiridwa klorini nawo adikire mphindi 30 asanamwedwe.

Asaganize munthu kuti kuchulukitsa ndiko kuchita bwino. Sipiriti wa 70 pelesenti amapha tizilombo bwino kuposa wosasungunula konse, chifukwa madzi amamuthandiza kulowa m'kachilombo ndiponso amamuchedwetsa kuuma. Jiki wosasungunula amadya zitsulo, amang'amba nsalu ndi kutsokomoletsa. Akasakanizidwa ndi mankhwala ena otsukira chimbudzi, amatulutsa mpweya wapoizoni wowononga mapapo.

Klorini wosungunula amafooka ndi dzuwa ndi kutentha. N'chifukwa chake madzi okolopera ayenera kusakanizidwa atsopano tsiku lililonse, mundowa yapulasitiki yovindikira, yolembedwa muyeso wake, ndi yoikidwa pamthunzi pomwe ana sangafikire.