Did Akalowa, Went Atuluke

Mwana wa Fomu 2 amadziwa kuti go akakhala wa dzulo amasanduka went. Anaziloweza m'kalasi mofuula pamodzi ndi anzake: go, went, gone. Ndiye akafuna kufunsa ngati mnzake anapita kumsika, amalemba kuti Did he went to the market? Mphunzitsi amathetha went ndi cholembera chofiira, n'kulemba go pamwamba pake, koma sabata yotsatira went uja wabwereranso. Akuluakulu olemba makalata m'maofesi nawonso amakodwa pomwepa.

Wolakwitsa chonchi si mbuli ayi. Iye waganiza bwino kuti nkhaniyi ndi yakale, choncho mneni akhale wa nthawi yakale. Chimene sanaone n'chakuti nthawi yakaleyo yalowa kale m'chiganizo kudzera mwa did. Mawu akuti did ndi do wa nthawi yakale, ndipo pa Chingerezi mneni wothandizayu akasenza nthawi, mneni amene akuthandizidwayo amabwerera ku maonekedwe ake a mu dikishonale. Kulemba did ndi went limodzi kuli ngati kulipira kondakitala kawiri pa ulendo umodzi. Zolondola ndi Did he go to the market? ndipo pokana timati He did not go.

Chifukwa china chili m'Chichewa mwathu momwemu. Ife tikamafunsa, mneni sitimukhudza. Timati "Anapita", ndipo pofunsa timangoti "Kodi anapita?" kapena kungokweza mawu. Mwana wokula ndi chizolowezi chimenechi amamutenga did ngati "kodi" wa Chingerezi, kachizindikiro kongoika kutsogolo kwa chiganizo chimene chatha kale. Amatenga He went, n'kumata did kumayambiriro, basi funso latheka. Koma "kodi" sanena za nthawi: timati "Kodi adzapita?" komanso "Kodi akupita?" osamusintha. Did ndi mneni weniweni, ndipo amasintha kukhala do kapena does nthawi ikasintha.

Chosangalatsa n'chakuti Chichewa chomwecho chili ndi mankhwala ake. Palibe amene amati "anayamba analira" kapena "anafuna anapita". Timati "anayamba kulira", "anafuna kupita". Mneni woyamba watenga -na- wa nthawi yakale, wachiwiri wangokhala wopanda nthawi. Mwana aliyense amaseka akamva "anafuna anapita", ndipo akauzidwa kuti did he went amamveka chimodzimodzi m'makutu mwa mwini Chingerezi, lamulo limayamba kumulowa. Tisaiwalenso kuti ana a ku England ndi ku America pophunzira kulankhula amadutsa momwemu, amanena zinthu ngati What did you bought? kenako amadzasiya okha. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amamva Chingerezi kuyambira m'mawa mpaka usiku, pamene mwana wa kwathu kuno amachimva kwambiri m'kalasi mokha.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi yodutsa pa chiganizo chapakati chimene nthawi zambiri timachilumpha. Tiyeni titenge She bought sugar. M'malo mothamangira ku funso, wophunzira ayambe wang'amba bought pawiri: mkati mwake muli did ndi buy. Chiganizo chikhala She did buy sugar, chomwe n'Chingerezi chabwinobwino, chonenedwa potsindika, ngati munthu akutsutsa kuti shugayo sanagulidwe. Akafika apa, zotsalazo n'zongosuntha mawu. Akaika did kutsogolo apeza Did she buy sugar? Akaika not pambuyo pa did apeza She did not buy sugar. Akafuna kufunsa malo aonjezera where: Where did she buy sugar? Wophunzira akuona ndi maso ake kuti bought sanatayidwe, wangogawidwa, ndipo sangapezekenso wathunthu pamene chidutswa chake chili kale kutsogolo.

Pokonza, cholembera chofiira chisamagwire ntchito yonse. Mphunzitsi akalemba yekha go, mwana amangoyang'ana malikisi n'kutseka kope. Ndi bwino kuzunguliza did ndi went onse awiri, n'kufunsa kuti, "Mawu osonyeza dzulo alipo angati apa?" Akayankha kuti awiri, asankhe yekha wochotsa. Polankhula, kungobwereza chiganizo molondola sikukwanira kawirikawiri, poti mwana amamva ngati mukuvomereza zimene wanena. Nenani kuti Did he, muime, mudikire kuti amalize yekha.

Aneni ofunika kuwalondalonda ndi aja osinthasintha mopanda lamulo, monga went, saw, came, took, ate ndi had. Did you had lunch? imapezeka kwambiri, pamene zolondola ndi Did you have lunch? Aneni a -ed nawo amalakwitsidwa, koma polankhula cholakwacho chimabisala: did he walked to school ndi did he walk to school zimamveka pafupifupi mofanana, ndiye zimaonekera papepala pokha. Ndipo musadziyese kuti mwana wamvetsa chifukwa walemba bwino Did she cut the rope? Aneni ngati cut, put ndi hit sasintha n'komwe, choncho sangakuuzeni kanthu.

Lamulo likangolowa, pamabwera vuto lina: mwana amayamba kuopa went paliponse pamene waona did. Akafunsidwa Did he go? amayankha kuti Yes, he go. Apa akumbutsidwe kuti did akachoka, nthawi imabwerera kwa mwini wake: Yes, he went, kapena mwachidule Yes, he did. Wina amathethanso went mu Did you know that he went home? pamene chiganizochi chilibe vuto. Did akulamulira know yekha, ndipo he went home ndi kachiganizo kena kokhala ndi mwininkhani wake ndi nthawi yake. Koma aneni awiri akalumikizidwa ndi and pansi pa did mmodzi, onse amagonja: Did he go and buy sugar? osati go and bought. Cholakwa chimenechi chimapulumuka ngakhale kwa ophunzira akhama, chifukwa pofika pa mneni wachiwiri amakhala ataiwala kuti anayamba ndi did.

Palinso malo amene did safunika. Funso likamafuna amene anachita chinthucho, timati Who went to the market? kapena What happened? popanda did. Koma who yemweyo akamafunsa za amene anachitiridwa, did amabwera: Who did you see? Mneni be sadalira did pofunsa kapena pokana, ndiye Did he was sick? sakonzedwa pomusandutsa Did he be sick? koma Was he sick? Chimodzimodzi could ndi would, amene amapita okha kutsogolo: Could she swim?

Wovutitsa ngakhale eni ake chilankhulo ndi used to. Timalemba He used to smoke, koma pofunsa mabuku a malamulo a Chingerezi amaphunzitsa Did he use to smoke? d uja atachoka. Polankhula ziwirizi sizisiyana, n'chifukwa chake did he used to amapezeka ngakhale m'zolemba za Angerezi enieni. Amene akukonzekera mayeso a MSCE, omwe satifiketi yake siperekedwa kwa wolephera Chingerezi, alembe use wopanda d.