Asuweni, ufa wa kuno ukukana nsima

Ophunzira athu akafika ku Mangalande, uthenga wopita kwa msuweni kumudzi sumachedwa: "Asuweni, ndagula ufa wa chimanga ku sitolo, koma chimene chatuluka mu poto ndi phala lonanda ngati ulimbo. Ndalakwitsa pati?"

Dzanja silinalakwe. Vuto ndi ufawo. Umene umatuluka pa foni ndi dzina loti cornflour, ukamafufuza katundu wa sitolo monga Tesco, si ufa wa nsima. Ndi sitachi yokhayokha yochotsedwa mu chimanga, ndipo ntchito yake ndi kulimbitsa msuzi. Mungauzindikire poutsina: umakhala wosalala kwambiri ndipo umalira pakati pa zala. Dzina loyenera kulemba ndi maize meal, ndipo woyerawo umapezeka kawirikawiri m'masitolo a anthu a ku Afirika ndi ku Asiya, monga wa Iwisa wochokera ku South Africa. Ukasowa, ufa wachikasu wa polenta umaphika nsima ndithu, bola musankhe wosalala, osati wamiseremisere. Kakomedwe kake kamayandikira mgaiwa, ngakhale mtunduwo ena sawusangalatsa.

Msuweni wodziwa kuphika sangosiyira pa dzina la ufa, chifukwa ufa wogulawu sunavikidwe m'madzi ngati ufa woyera wa kwathu, choncho umachedwa kupsa. Wa munthu mmodzi, tenthetsani makapu atatu a madzi mpaka afunde, thirani theka la kapu ya ufa mukuvundula, ndipo phalalo libwate mphindi khumi kapena kuposerapo, poto ali wovundikira. Apa m'pamene ambiri amapupuluma. Phala likapanda kupsa, nsima imamveka ufa mkamwa ndipo imanyenyeka mukamatema mbamu. Likapsa, onjezerani ufa pang'onopang'ono, pafupifupi kapu imodzi, mukukanya ndi mthiko m'mbali mwa poto kuti musakhale mibulu. Mbaula yamagetsi imachedwa kuzirala, choncho chepetsani moto musanayambe kuthira ufa wachiwiriwu, apo ayi pansi papserera pamwamba pasanalimbe. Mthiko ukasowa, supuni yamtengo yolimba imakwanira, ndipo mbale yaing'ono yoviika m'madzi imaomola m'malo mwa chipande.

Ndiwo sizivuta chotere. Masamba a kale kapena kabichi wobiriwira amalowa m'malo mwa mpiru, ndipo chiponde cha m'botolo chimatendera bwino ngati nsinjiro. Koma werengani kaye zolembedwa pa botolo, chifukwa zambiri amathiramo shuga, ndipo ndiwo zotendera zotsekemera palibe angazidye. Sungunulani masupuni awiri a chiponde m'madzi ofunda, muthire masamba ndi tomato zitafewa, kenaka ziwire pa moto wochepa mphindi zisanu.

Inu otsala kumudzi, mwana akamanyamuka mulongedzereni mthiko m'chikwama. Supuni za kumeneko zambiri ndi zopyapyala ndipo zimathyoka nsima ikalimba.